Pa kapepala ka LA, mawu oopsa kwambiri ndi "kawiri pa tsiku"

Mayi akuchoka pawindo la mankhwala pachipatala chaching'ono. Kumbuyo wabereka mwana thupi lili moto, m'manja wagwira paketi ya LA, mankhwala a malungo, ndi kapepala kopinda pakati. Pawindopo wauzidwa zonse m'mphindi imodzi chifukwa mzere wafika panja. Akafika kunyumba, namwino kulibe, mlangizi wa zaumoyo ali kutali. Chomuyankha chatsala ndi kapepalako. Ngati sikamuuza kuti usiku uno apereke mibulu ingati komanso nthawi yanji, kapepalako kalephera ntchito, ngakhale mawu ake onse atakhala oona.

Anthu ambiri akamva zochotsa chiyankhulo cha madokotala pa timapepala ta zaumoyo amaganiza kuti ntchito yake ndi yosaka mawu achizungu n'kuikapo a Chichewa. Ntchito imeneyo ndi yofunika, koma ndi yopepuka. Mawu achilendo amadziulula okha, ndipo wowerenga akawaona amadziwa kuti sanamve, amapita kukafunsa. Mawu amene amavulaza odwala ndi aja ooneka achikaya, amene aliyense amati wamva pomwe wamva zosiyana ndi zimene wolemba ankatanthauza. Ambiri mwa mawu oterewa ndi okhudza nthawi ndi muyezo. Ndikuti tiyambe ndi amenewo, ndipo LA ndi chitsanzo chabwino chifukwa pafupifupi banja lililonse m'Malawi linamugwirapo chiyambire 2007, pamene analowa m'malo mwa Fansida ngati mankhwala oyamba a malungo.

Kamwedwe ka LA n'kodziwika. Wodwala amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu. Chiwerengero cha mibulu pa ulendo uliwonse chimatengera sikelo: mbulu umodzi kwa mwana wa makilo 5 mpaka 14, iwiri kwa wa makilo 15 mpaka 24, itatu kwa wa makilo 25 mpaka 34, inayi kwa aliyense wa makilo 35 kupita m'mwamba. Akamwa koyamba, amamwanso pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. M'buku la kuchipatala la mwana wa makilo 16 nthawi zambiri zonsezi zimafupikitsidwa motere:

```
LA 2 tabs bd x 3/7
```

Kwa wogwira ntchito m'chipatala mzere umenewu ndi womveka. Vuto limabwera pamene wolemba kapepala ka odwala angoutambasula mzerewu m'Chichewa, n'kuganiza kuti wamaliza. Tiyerekeze kapepala kolembedwa mwa njira imeneyi: "Mankhwalawa ndi ophatikiza atemetha ndi lumefantirini, ndipo amapha tizirombo ta pulasimodiyamu m'magazi. Perekani mlingo woyenera malinga ndi kulemera kwa wodwala, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Dozi yachiwiri iperekedwe pakadutsa maola 8. Imwani pamodzi ndi zakudya zamafuta. Wodwala akasanza, bwerezani dozi. Zizindikiro zikapitirira, onanani ndi achipatala."

Palibe bodza m'ndime imeneyi. Chiganizo choyamba n'chosavuta kuthana nacho: chifufutidwe. Mayi uja sakufunika dzina la kachirombo kuti apereke mankhwala molondola, ndipo malo apamwamba pa kapepala, amene diso limayamba kugwerapo, ndi odula kwambiri moti sangaperekedwe ku mawu osamuuza munthu chochita. Ziganizo zotsalazo n'zimene zili ndi misampha.

"Kawiri pa tsiku" kwa dokotala ndi maulendo awiri otalikirana pafupifupi maola 12. Kwa munthu wamba ndi kawiri basi. Amene wapereka 7 koloko m'mawa n'kuperekanso pa nkhomaliro, kuti athane nazo asanapite kudimba kapena kumsika, watsatira mawuwo ndendende. Koma wasiya mpata wa maola pafupifupi 19 kufikira m'mawa wotsatira. Choipa china n'chakuti mawuwa akutsutsana ndi chiganizo chotsatira chonena za maola 8. Wowerenga akuyenera kuzindikira yekha kuti tsiku loyamba lili ndi lamulo lakelake, n'kuwerengera yekha maolawo, mwana akulira pamiyendo. Masamu amenewa si a wodwala. Ngati mwana wamwa koyamba 10 koloko m'mawa pachipatala, kapepala kanene kuti "6 koloko madzulo ano". Ngati wamwa 3 koloko masana, kanene kuti "11 koloko usiku uno", ndipo kawonjezere kuti "mudzutseni ngati wagona". Popanda mawu owonjezerawa, makolo ambiri achifundo amusiya mwana wodwala apume, ndipo sitingawadzudzule. Choncho pa kapepala pakhale mpata woti wopereka mankhwala alembepo ola lenileni ndi cholembera.

Chichewa chathu chili ndi misampha yakeyake pa nkhani ya nthawi, imene wolemba woganiza m'chizungu saiona. "M'mawa" ndi "mawa" amasiyana ndi kachilembo kamodzi, ndipo pa kapepala kochita kufotokopedwa kachitatu, kapena kowerengedwa mokweza ndi mwana wa Sitandade 4, kusiyanako kumasowa. "Madzulo" kwa ena amayamba dzuwa likangopendeka, cha m'ma 3 koloko, kwa ena ndi nthawi ya mgonero. Msampha waukulu ndi "tsiku lachiwiri" ndi "tsiku lachitatu". Polemba, ife tikutanthauza tsiku lachiwiri la kumwa mankhwala. Khutu likumva Lachiwiri ndi Lachitatu, masiku a pa sabata. Gogo amene wawerengeredwa kapepala Lachisanu akhoza kufunsa moona mtima ngati mankhwala otsalawo adikire sabata yamawa. N'chifukwa chake ndimakonda "lero", "mawa" ndi "mkuja", mawu amene palibe Mchewa angawasokoneze, ndipo pambali pa "m'mawa" ndi "madzulo" paikidwe chochitika chimene banja limachidziwa: "podzuka, nthawi ya phala" ndi "dzuwa litalowa, nthawi ya nsima yamadzulo". Kuno kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse, kusintha kwake n'kochepa, ndiye chizindikiro chimenechi n'chodalirika. Zithunzi za dzuwa ndi mwezi zimathandiza, koma pansi pa chithunzicho palembedwe "madzulo", pasalembedwe "mwezi", chifukwa mwezi ndi masiku 30 omwe.

Mawu akuti "lero" ali ndi chilema chimodzi: mawa lake akadali "lero" kwa wowerenga. Chothetsa chilemachi ndi timabokosi sikisi tochonga, ndipo wopereka mankhwala achonge yekha kabokosi koyamba mwana akangomeza pachipatala pomwepo. Aliyense wotenga kapepalako kunyumba, kaya ndi bambo, kaya ndi azakhali amene atsala ndi mwana, aona pamene ulendo wafika.

Tibwere ku "mlingo woyenera malinga ndi kulemera kwa wodwala". Mawuwa akumubwezera mayi ntchito imene inachitika kale pa sikelo. Mwana wayezedwa, paketi yasankhidwa, yankho ndi mibulu iwiri. Kapepala kanene "mibulu iwiri". Timapepala tambiri timaika tebulo lonse la masikelo anayi kuti kapepala kamodzi kakwanire odwala onse, ndipo ndikumvetsa kuti n'kotchipa kusindikiza. Koma tebulo ndi chiyankhulo cha akatswirinso. Limafuna munthu wodziwa kutsata mzere ndi mzati n'kupeza pokumanira, ndipo limaphunzitsa banja kuti paketi ya wamkulu ikhoza kugawidwa kwa ana awiri. Mapaketi a LA amabwera kale m'mitundu inayi, ya mibulu 6, 12, 18 ndi 24. Timapepala tikhalenso tinayi, kalikonse kolemba pamwamba kuti "Kapepala aka ndi ka paketi ya mibulu 12". Mzere umenewu ndi mlonda: ngati pawindo asokoneza kapepala ndi paketi, mayi akhoza kuwerenga mibulu n'kuona yekha kuti sizikugwirizana.

Mawu akuti "dozi" ndi amene ndingawachotse pa kapepala kalikonse mosazengereza. Kwa wachipatala, dozi ndi mibulu ya ulendo umodzi. M'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, munthu akati "ndamaliza dozi" kapena "ndagula dozi ya LA" akunena paketi yonse. Ndiye "akasanza bwerezani dozi" akhoza kumveka ngati "yambiraninso paketi". Komanso chiganizochi chabisa zinthu ziwiri zimene mayi akufunika. Choyamba ndi malire a nthawi: malangizo amene azaumoyo athu amatsata ndi akuti mankhwala abwerezedwe ngati mwana wasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, chifukwa amakhala asanalowe m'thupi. Akasanza patapita maola atatu, palibe chobwereza. Chachiwiri, ndipo ichi timapepala timachiiwala kawirikawiri, n'chakuti m'paketi mulibe mibulu yapadera. Mayi akabwereza, watenga mibulu ya mkuja madzulo. Paketi itha pa ulendo wachisanu, iye n'kuganiza kuti wamaliza chifukwa palibe chotsala. Kapepala kanene poyera: "Mukabwereza, mibulu iperewera iwiri. Bwererani kuchipatala mawa mukatenge ina."

Za "zakudya zamafuta", chifukwa chake n'choona: umodzi mwa mankhwala awiri a mu LA, lumefantirini, salowa bwino m'magazi m'mimba mukakhala mopanda mafuta. Koma m'makutu a anthu ambiri "zakudya zamafuta" ndi nyama yokazinga, tchipisi, ndiwo zothira mafuta ogula, zinthu za tsiku la malipiro. Mayi amene alibe zimenezi akhoza kuchedwetsa mankhwala akusaka chakudya, kapena kungodziona wolephera. Pomwetu mafuta ofunikawo ndi ochepa, ndipo ali m'nyumba kale. Kapepala katchule mayina: mkaka wa m'mawere kwa woyamwa, phala lothira nsinjiro, ndiwo zotendera, peyala, kapu ya mkaka, chitumbuwa kapena mandasi. Kawonjezerenso chiganizo chimene wolemba wosamala amaopa kulemba koma n'chofunika: "Akakana kudya, mupatsenibe mankhwala pa nthawi yake." Mwana wa malungo nthawi zambiri safuna chakudya, ndipo kudumphitsa mankhwala n'koipa kuposa kumwa osadya.

Chimodzimodzi "sungunulani m'madzi pang'ono" pa mibulu yosungunuka ya ana aang'ono. Pang'ono kwa wina ndi theka la kapu, ndipo mwana wodwala samaliza theka la kapu, mankhwala amatsalira pansi. Muyezo wake ndi masupuni awiri a tiyi pa mbulu umodzi. Akamwa, muthirenso madzi ochepa chomwecho m'kapumo, mutsukuluze, amwenso, kuti zotsalira m'mbali zisatayike.

Chiganizo chomaliza, "zizindikiro zikapitirira onanani ndi achipatala", chaphatikiza zinthu ziwiri zimene siziyenera kugona m'nyumba imodzi: zofuna kunyamuka pompano, ngakhale pakati pa usiku, ndi zoti zikhoza kudikira. Kapepala kazilekanitse ndi mitu iwiri yonena nthawi. Pansi pa "Pitani kuchipatala nthawi yomweyo" palembedwe zimene diso la mayi limaona: mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka moti sakudzuka mukamugwedeza, akupuma movutikira, zikhatho zayera, wakomoka. Mawu akuti "kukomoka" akufuna kuwathandiza, chifukwa kwa ena amangotanthauza kugwa n'kukhala zii. Tinene kuti "thupi kuuma, manja ndi miyendo kugwedezeka, maso kutembenuka". Tisalembe "khunyu", amene ndi matenda ena ndipo dzina lake limachititsa mabanja manyazi. Pansi pa mutu wachiwiri palembedwe kuti "Thupi likamatenthabe mankhwala atatha, bwererani tsiku lotsatira". Apa ndasankha dala "thupi kutentha" osati "malungo akapitirira", popeza m'Chichewa malungo ndi dzina la kuphwanya ndi kutentha thupi kwamtundu uliwonse, pomwe chimene tikufuna mayi ayang'ane ndi chinthu chimodzi chimene angachimve ndi dzanja.

Pali chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chimene ndingachisunge, ngakhale ndachotsa zofotokoza zina zonse. Mwana amene wayamba LA nthawi zambiri amazizira thupi n'kuyamba kusewera pa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa atemetha amapha tizirombo tambiri mwachangu. Koma mankhwala ameneyu sakhalitsa m'thupi, amatha pa maola ochepa. Womaliza ntchito ndi lumefantirini, amene amaunjikana m'magazi ndi ulendo uliwonse n'kukhalamo masiku angapo akusesa zotsala. Amene wasiya pa ulendo wachitatu kapena wachinayi wadula gawo losesali, ndipo malungo akhoza kubwerera patapita masabata awiri kapena kuposerapo, banja n'kumati ndi udzudzu watsopano kapena LA sagwira ntchito. Mawu akuti "malizani mankhwala onse" paokha ndi lamulo lopanda mizu, ndipo limagonja mosavuta kwa mayi amene akuganiza zosungira mibulu mng'ono wake wa mwanayo. Mayi ameneyu si mbuli, akuganiza bwino ndi nzeru zimene ali nazo. Timupatse nzeru imene ikusowayo m'ziganizo ziwiri, popanda dzina la mankhwala ngakhale limodzi.

Tikaphatikiza zonsezi, kapepala ka mwana wa makilo 16 amene wamwa koyamba 10 koloko kakhoza kumveka motere:

"LA wa malungo. Kapepala aka ndi ka paketi ya mibulu 12. Ulendo uliwonse mupatseni mwana mibulu iwiri. Lero: wamwa kale kuchipatala. Mupatseninso 6 koloko madzulo ano, mudzutseni ngati wagona. Mawa: podzuka, ndiponso dzuwa litalowa. Mkuja: podzuka, ndiponso dzuwa litalowa. Akamwa, muyamwitseni kapena mupatseni phala la nsinjiro, ndiwo zotendera kapena mkaka. Akakana kudya, mupatsenibe mankhwala. Akasanza pasanathe mphindi 30, mupatseninso mibulu iwiri, ndipo mawa mukatenge ina iwiri kuchipatala. Mwana akayamba kusewera, tizirombo tina tikadali m'magazi. Mibulu yomaliza ndi imene imatimaliza, musaisunge, musagawire wina."

Kenako mitu iwiri ija ya nthawi yobwerera kuchipatala. Kapepalaka katalika kuposa koyamba kaja, ndipo zimenezi sizikundidetsa nkhawa. Kufupika si kumveka. Mawu a akatswiri amafupika chifukwa amasiya ntchito yambiri kuti womvera aimalize yekha, ndiye kuwachotsa kumatanthauza kuti wolemba asenze ntchitoyo.

Achipatala ena amatsutsa, ndipo mfundo zawo n'zomveka. Amati "podzuka" ndi "dzuwa litalowa" si maola 12 enieni, ndipo kupeputsa mawu kumataya kulondola. Yankho langa n'lakuti kulondola kumene tiyenera kuyeza ndi kwa zochitika pakhomo, osati kwa mawu papepala. Kupatsa mwana mankhwala 6 koloko m'mawa ndi 7 koloko madzulo kuli pafupi kwambiri ndi cholinga kuposa zimene "kawiri pa tsiku" amalola. Komanso malangizo a opanga mankhwalawo amanena m'mawa ndi madzulo pa masiku awiri omaliza. Pamene ola lenileni lili lofunika, pa ulendo wachiwiri ndi pa mphindi 30 za kusanza, manambala ndawasunga.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba. Kapepala kokhala ndi mpata wolembapo kamadalira munthu wapawindo, ndipo pa tsiku la odwala ochuluka nyengo ya mvula mpatawo ukhoza kupita kunyumba uli mbee. Zimenezi n'zoona, ndipo kapepala kopanda ola kamakhala koipa. N'chifukwa chake mpata ukhale umodzi wokha, wofuna nambala imodzi, ndipo pansi pake pasindikizidwe chothandizira mwa zilembo zazing'ono: "Ngati pano sanalembepo, werengani maola 8 kuchokera pamene wamwa koyamba." Mwa njira imeneyi masamu aja amakhala chothawirako, osati njira yaikulu. Wopanga kapepala wofuna mipata isanu, dzina, tsiku, sikelo, siginecha, akupangira ofesi, sakupangira mayi uja.

Chomwe sindingavomereze n'chakuti kapepala katuluke chifukwa komiti ya akatswiri yakawerenga n'kukhutira. Akatswiri sangathe kusiya kudziwa zimene akudziwa, maso awo amadzaza okha mipata. Ku Britain ndi m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, kuyambira 2005 timapepala ta m'mapaketi a mankhwala timayenera kuyesedwa pa anthu wamba tisanavomerezedwe, kawirikawiri anthu 20, ndipo pa funso lililonse anthu osachepera 16 azipeza yankho n'kulimvetsa. Njirayi sifuna makina, ingathe kuchitika pansi pa mtengo pa tsiku la sikelo ya ana. Chofunika n'kusafunsa kuti "mwamva?", chifukwa mwaulemu wathu aliyense ayankha kuti eya. Mupatseni munthu kapepala ndi paketi yeniyeni, kenako mumuike m'nkhani: "Ndi mawa madzulo, mwana akusewera panja, thupi lazizira. Ndionetseni chimene muchite." "Wamwa 7 koloko, wasanza 9 koloko. Mutani?" "Ndi pakati pa usiku, akukana bere ndipo sakudzuka. Mudikira kuche?" Yang'anani zala zake, osati nkhope. Akaboola mibulu inayi, kapena akatembenuza kapepala kawiri akusaka yankho, cholakwika ndi kapepala, ndipo chiganizo chimene chamuchedwetsacho chilembedwenso.

Pakati pa oyesedwawo pasakhale odziwa kuwerenga okhaokha. M'mabanja ambiri kapepala kamawerengedwa mokweza, ndi mwana wa sukulu kapena woyandikana naye nyumba, ndipo wopereka mankhwala amangomva ndi khutu. Choncho ena mwa anthu 20 aja akhale awiriawiri, wina kuwerenga, wina kugwira paketi. Mayeso otere ndi amene amagwira "mawa" amene wamveka ngati "m'mawa", ndi "tsiku lachitatu" limene lasanduka Lachitatu. Kumadera a Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe, kapepala ka Chichewa kayesedwenso pa anthu akumeneko, ndipo kakalembedwa m'chiyankhulo china, mayeso ayambirenso poyamba ndi anthu ena 20, chifukwa mawu a nthawi ndi a chakudya amene agwira ku Dedza si amene adzagwire ku Karonga.